Mwezi Umene Tinakweza Mtengo wa Sopo

Bambo anga amayeza bizinesi ndi makutu. Waya wodulira sopo akamalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndiye kuti zinthu zili bwino. Akangokhala chete pang'ono, bambo amayamba kuzungulirazungulira m'shedi, manja kumbuyo, n'kumafunsa aliyense ngati kwagwa maliro. Za phindu ankazisiyira ine, chitsiriza wawo, chifukwa mkati mwa sabata ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zitsulo, ndipo Loweruka ndimabwera kudzaona mabuku a kusopo. Malipiro anga ndi sopo. Kunyumba kwanga kuli sopo wokwanira kuchapa zovala za mpingo wonse.

Shediyo ili kuseri kwa msewu waukulu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka mipando. Ili ndi migolo iwiri yosakaniziramo mafuta ndi soda, zikombole zamatabwa, benchi lodulirapo, ndi mashelefu oumitsirapo sopo. Antchito a m'shedimo alipo awiri, malume athu amene amatakasa ndi mayi wina amene timangomutcha Mayi Chidindo chifukwa ndiye amadinda dzina pa mtanda uliwonse. Bambo akhala m'menemo kuyambira ndisanabadwe. Zala zawo zinang'ambikang'ambika ndi soda, moti akamamanga mabatani a malaya amayi amachita kuwathandiza akuyang'ana kumbali.

Chaka chimenecho mafuta anakwera mtengo kawiri, koma sopo wathu anangokhala pa 1,000 kwacha mtanda umodzi. Bambo ankati makasitomala ndi abale, ndipo m'bale sumukwezera. Phindu linayamba kuonda mpaka achimwene anga aakulu, amene amayendetsa nkhani zonse za pabanja ndi nkhope ya woweruza milandu, anabwera ndi nkhani yoti pali munthu wogulitsa matayala amene akufuna shediyo. Ankati azilipira lendi ya 200,000 pamwezi.

"Ababa," anatero achimwene, "ndalama imene mukuifera m'shedimu ndi yomweyo imene wamatayala akufuna kukupatsani mutakhala pansi. Phindu likangotsika kuchepera 200,000, ine ndikupereka shedi. Amayi avomera."

Amayi sanavomere ndi pakamwa, komanso sanakane, ndipo kwathu kukhala chete kwa amayi kumaposa siginecha.

Ngati kuti zimenezo zinali zochepa, sabata yomweyo kunabwera Chipewa. Ameneyu ndi mwini golosale yaikulu yopikulitsa katundu, ndipo sindinaonepo pamutu pake popanda chipewa ngakhale m'nyumba. Pa mitanda 4,000 imene tinkagulitsa pamwezi, 1,000 ankatenga ndi iyeyo. Anakhala pa mgolo wopanda kanthu, n'kunena mokoma kuti tikatsitsa mtengo kufika pa 900, iye azitenga mitanda 3,000. Bambo maso anawala. Anali atamva kale waya akulira mpaka Lamlungu.

"Chitsiriza, wamva? Mitanda 6,000 pamwezi! Wamatayalayo akapeze kwina koika matayala ake."

Ndinawapempha kuti asayankhe kaye. Mtengo wa sopo subisika. Mukamutsitsira mmodzi, mawa lake ogula onse amafika atadziwa kale, choncho 900 ya Chipewa ikanakhala 900 ya aliyense. Ndinakhala pa kompyuta ya kuntchito nthawi yopuma masana n'kupanga tchati, kenako ndinachisindikiza pa pepala lalikulu. Loweruka ndinachimata pakhoma la shedi, pafupi ndi pokoleka makiyi, n'kuitana banja lonse.

Sichinali chinthu chozizwitsa. Pamwamba, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndinaika mitengo inayi: 900, 1,000, 1,100 ndi 1,200. M'mbali, kutsika pansi, ndinaika kuchuluka kwa mitanda yogulitsidwa pamwezi, kuyambira 2,000 mpaka 6,000, kulumpha 500 mzere uliwonse. Pamene mtengo wakumana ndi chiwerengero cha mitanda panali kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali phindu la mwezi. Timabokosi toluza ndinatipaka mtundu wofiira.

"Mtanda umodzi umatidyera 800," ndinafotokoza, "mafuta, soda, fungo, pepala lokutira ndi katoni. Tikaugulitsa 1,000, umatisiyira 200. Koma pali 600,000 imene imatuluka mwezi uliwonse kaya tagulitsa kaya sitinagulitse, ya malipiro, galimoto, magetsi ndi chiphaso. Mitanda 4,000 kuchulukitsa ndi 200 ndi 800,000. Kuchotsa 600,000 ija, kutsala 200,000. Panopa tili apa."

Ndinatenga cholembera n'kuzunguliza kabokosi ka 1,000 ndi 4,000, n'kulemba pambali pake kuti TILI PANO, zilembo zikuluzikulu zoti bambo aziona popanda magalasi.

"Nanga za Chipewa?" anafunsa bambo.

Ndinatsetsereka ndi chala kupita pa 900, n'kutsika mpaka pansi penipeni pa 6,000. M'kabokosimo munali ziro.

"Walakwitsa," anatero bambo.

"Sindinalakwitse, ababa. Pa 900 mtanda ukutisiyira 100 basi. Mitanda 6,000 ikubweretsa 600,000, yomwe ikuthera ku malipiro ndi galimoto. Kuti tibwerere pa 200,000 yathu yomweyi pafunika mitanda 8,000, ndipo migolo iwiriyi singapitirire 6,000 ngakhale mutaipempherera."

Malume, amene anali atatsamira chotakasira, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti alamu, titakase mpaka mapewa kuguluka kuti Chipewa agule chipewa china?"

Bambo sanaseke. Anayang'ana ziroyo ngati munthu wawatukwana pagulu.

Kenako ndinawasonyeza mbali ya kumanja, imene ndinkaiopa ndekha. Pa 1,100 mtanda umatisiyira 300. Chipewa atachoka n'kutsala mitanda 3,000, phindu likhala 300,000. Titatsika mpaka 2,500, likhala 150,000. Ndinawauza kuti malire athu ali pakati pa mizere iwiriyo, pa mitanda 2,667, ndipo tikatsika kuposa pamenepo wamatayala wapambana.

Achimwene anavala magalasi n'kuyandikira. Ndiwayamikire, amafunsa mafunso abwino, kungoti amawafunsa ngati akukuimba mlandu.

"Chabwino, mlongo. Ndiye tikakweza, tigwera m'kabokosi kati?"

"Sindikudziwa."

"Sukudziwa?"

"Tchatichi chimangonena zimene zili m'kabokosi kalikonse, achimwene. Sichidziwa kuti ogula atiponya m'kati. Komanso chikuwerengera kuti mafuta akhala pamtengo womwewu. Akakweranso, ndipanga china."

"Ndiye pepala lonseli ndi loti sukudziwa."

"Ndikudziwa kuti kwa Chipewa kulibe kabokosi kabwino ngakhale kamodzi. Pa 1,000 tili pamalire, kungotaya kasitomala mmodzi tagwa. Pa 1,100 tikhoza kutaya mtanda umodzi pa itatu iliyonse n'kukhalabe pomwe tili."

Za 1,200 palibe anazitchula. Timabokosi take tinali tonenepa ndithu, koma tonse tinkadziwa kuti pamtengo umenewo munthu angogula sopo wa kufakitale wokutidwa mochititsa kaso.

Amayi ndi amene anadula nkhani. Anati tiyese mwezi umodzi pa 1,100, tikalephera shedi ipite. Bambo anangoti, "Mwana wanu ndi amene waphunzira," n'kubwerera ku migolo. Mawu amenewo anandilemera kuposa kukalipidwa. Ndinazindikira kuti shedi ikapita, pabanja ponse pazidziwika kuti inapita ndi pepala la Chitsiriza.

Chipewa atamva, sanakwiye n'komwe. Anagwira m'mphepete mwa chipewa chake, n'kutifunira zabwino zonse, osabweranso. Ameneyo ndinali nditamuwerengera kale. Amene sindinamuwerengere ndi mayi wina wa malo ochapira zovala, amene wakhala akugula kwa ife zaka zambiri. Anafika pakhomo la shedi, n'kumva mtengo watsopano, n'kuyang'ana bambo, kenako n'kutembenuka. Bambo anamuperekeza mpaka kumsewu akupepesa ngati amupondera mwana. Timagolosale tiwiri tinachepetsa oda. Woyendetsa galimoto yathu yoperekera sopo anayamba kubwerako msanga, n'kumakhala pamthunzi akusewera ndi foni.

Waya anayamba kukhala chete masana. Ikamakwana nthawi ya chakudya, ntchito ya tsikulo inali itatha. Mayi Chidindo anayamba kubwera ndi zoluka, malume n'kumagona pa makatoni, ndipo bambo, posowa chochita, ankapita kunyumba. Amayi anandiimbira foni kudandaula.

"Bwera udzawatenge abambo akowa. Andikonzera chitseko chimene sichinawonongeke. Tsopano akuti ndimayanika zovala molakwika."

Ndinaseka, koma kuseka kwa pakamwa chabe. Kuntchito ndinkangotsegula tchati chija pa kompyuta n'kumachiyang'ana ngati chisintha chokha. Mlungu wachitatu utatha, ndinaona kuti 3,000 sitifikapo. Funso linali loti titsika mpaka pati. Chakudya chinasiya kukoma. Ndinayamba kudana ndi aliyense wodutsa ndi sopo wa kufakitale m'jumbo, ngakhale agogo osalakwa a pamzere wa basi. Bambo sanandifunse chilichonse mwezi wonsewo, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandiwawa kwambiri. Mayi Chidindo ananditsina khutu kuti m'mawa uliwonse, asanavale n'komwe magolovesi, bambo amaima pa tchati chija kwa kanthawi, chala chili pakhoma, kenako n'kuusa moyo.

Mwezi unatha Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinadutsira kwa woyendetsa galimoto kukatenga buku la maoda, n'kuwonkhetsa ndili m'basi, buku pabondo, foni m'manja. Ndinapeza mitanda 2,800. Ndinawonkhetsanso chobwerera, kuyambira pansi, inatuluka yomweyo. Pa 1,100, mitanda 2,000 yoyambirira imalipira 600,000 ija, ndipo 800 yotsalayo, uliwonse 300, ndi 240,000. Ndinatseka buku n'kutsamira pampando. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikudwala, ine n'kumuuza kuti ndachira kumene.

Ndinalowa m'shedi ndikumwetulira, koma kumwetulirako kunandithera pakhomo. Migolo inali itatsukidwa mpaka kuwala, n'kuvundikiridwa. Zikombole zinali zitasanjidwa pakona n'kumangidwa ndi chingwe. Waya wodulira anali atamasulidwa pabenchi n'kukulungidwa bwinobwino. Pansi panali potsukidwa moti ndinaona mtundu wa simenti koyamba m'moyo wanga. Malume ndi Mayi Chidindo anaima kukhoma ngati alendo. Amayi anakhala pampando umodzi wokhawo wa m'shedimo, achimwene ataimirira pambali pawo, ndipo bambo anali atavala jekete lawo la ku maukwati.

"Wafika, Chitsiriza. Khala apo," anatero bambo. "Sindikufuna kuti mwana wanga achite kundiwerengera pamaso pa anthu. Makatoni ndimawawerenga ndekha akamatuluka. Ndi 2,800."

"Eya, ababa, ndi 2,800, ndiye..."

"Dikira ndimalize. Usadziimbe mlandu. Unanena wekha kuti pepalali silidziwa kumene ogula atiponye. Atiponya pofiira, basi. Alamu, Mayi Chidindo, ndakuuzani kale, mwezi uno mulandira zonse." Anatulutsa makiyi m'thumba la jekete n'kuwapereka kwa achimwene ndi manja awiri. "Kamuuze wamatayala. Koma umuuze kuti pakona apo pamadontha."

Achimwene analandira makiyiwo ngati akutentha. Nkhope ya woweruza ija inali itasowa.

"Pofiira pati?" ndinafunsa. Mawu anatuluka mokweza kuposa m'mene mwana amalankhulira ndi bambo ake, moti amayi anandiponyera diso.

Ndinapita pa tchati. Sindinafunikire kufunsanso. Pepalalo linali ndi kanjira ka mafuta, kodetsedwa ndi chala cha sopo, koyambira pa kabokosi kamene ndinazunguliza n'kulemba kuti TILI PANO. Kanjirako kanakwera molunjika, kudutsa 3,500, kufika pa 3,000 pamene panali ziro, n'kukathera m'mphepete mwa kabokosi kofiira ka 2,500. Pamenepo pepala linali litatsala pang'ono kubooka. Mwezi wonse bambo ankakwera ndi chala mumzere wa mtengo wakale. Ankagulitsa okha sopo pa 1,100, ankapepesa okha kwa makasitomala chifukwa cha 1,100, koma pakhomapo ankayambira pamene mwana wawo analemba kuti tili, n'kumangotsata mitanda ikuchepa.

Ndinamva chisoni ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo sindinadziwe choyamba n'chiti.

"Ababa, tabwerani. Ikani chala pamene mumaika."

Anabwera monyinyirika n'kuchiika pofiirapo.

"Pamwamba pa mzere umenewu palembedwa mtengo wanji?"

Anakweza mutu n'kutsinzinira. "1,000."

"Nanga mayi wochapa zovala uja anathawa mtengo wanji?"

Anayang'ananso pamwamba pa tchati. Ndinagwira dzanja lawo n'kulisuntha kabokosi kamodzi kupita kumanja. Pamwamba pa chala chawo panali 150,000, pansi pake 300,000, ndipo panalibe chofiira paliponse pafupi.

"Tinasamuka, ababa. Tili pakati pa awiriwa. Mitanda 2,800 pa 1,100 ndi 240,000."

"Yotsala?"

"Yotsala, aliyense atalandira kale zake."

"Kuposa mwezi watha?"

"Kuposa mwezi watha, komanso kuposa wamatayala."

"Ndi waya ali chete chonchi?"

"Ndi waya ali chete chomwecho."

Malume ndi amene anayamba. Anawomba m'manja kamodzi, n'kukhala pansi pa simenti yotsukidwayo, akuseka misozi ili chuchuchu. "Alamu, mwatitsukitsa migolo dzulo lonse, mpaka ine kulowamo mutu, chifukwa cha mzere wolakwika?" Mayi Chidindo anaphimba nkhope ndi nsalu yake yoluka, mapewa akugwedezeka. Bambo sanachotse chala pakhoma. Ankangoyang'ana pamwamba, pa 1,100, n'kutsikanso nacho pang'onopang'ono, kuti aone okha ngati chifikadi pomwepo.

Achimwene anandilanda buku la maoda n'kuwonkhetsa okha pa foni yawo, monga ndinkayembekezera. Atamaliza anakhala pa mgolo wovundikira n'kupuma mpweya wautali.

"Mwezi umodzi si chaka," anatero, koma mawu ake analibe mano.

"Si chaka," ndinavomera. "Tadutsa malire ndi mitanda 133 yokha. Golosale imodzi itatisiya, kapena mafuta atakwera, tikhalanso pansi."

"Tidzakhala." Anayang'ana makiyi m'dzanja lawo. "Wamatayala uja wakhala akundiimbira, ine osayankha. Ndimangoti ndimuuza chiyani akafunsa tsiku lolowa." Kenako anatembenukira kwa bambo. "Ababa, ine matayala sindiwafuna. Ndinatopa n'kuona manja anu. Munthu kufika kunyumba mdima utagwa, zala zikutuluka magazi, chifukwa cha ndalama imene mukanailandira mutagona. Ndinkafuna mupume basi."

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinamva pamene ndinagwira dzanja la bambo. Silinali lokhakhala ngati kale. Amayi anali atadziwa kalekale, poti palibe chimene chimawadutsa. Ananyamuka pampando, n'kutenga dzanja la bambo, n'kulitembenuza kuti achimwene aone. Ming'alu ija inali itatsekeka, kungotsala timizere toyera.

"Mabatani akumanga okha masiku ano," anatero amayi. "Sabata ino yonse sindinawathandize."

Bambo anabweza dzanja mwamanyazi n'kulibisa m'thumba. "Anthu inu, nkhani ya bizinesi mwaisandutsa ya chipatala."

Amayi anatenga makiyi kwa achimwene. Sanawapereke msanga. Anawagwira m'mwamba, pamaso pa bambo, monga ankachitira nafe tili ana akafuna kuti timve kaye lamulo tisanalandire chinthu.

"Mulandira, koma masana muzibwera kunyumba ngati mwezi uno. Chipewa akadzabwera ndi 900 yake, mumusonyeze ziro ija."

"Si inu mumadandaula kuti ndikukusowetsani mtendere?"

"Ndimadandaula, ndipo ndizidandaulabe. Zovala zanga zokha muzisiye."

Anawaponyera makiyiwo m'thumba la jekete. Bambo analigwira thumbalo kunja, n'kulisisita. Kuti tisaone nkhope yawo, anatembenukira kukhoma n'kundipempha cholembera. Anakhwatcha TILI PANO wanga uja mizere iwiri. Kenako, mosamala ngati akudula sopo, anazunguliza mzere wa pakati pa 150,000 ndi 300,000, n'kulemba mawu omwewo ndi dzanja lawo.

"Chitsiriza, tsiku lina ukasamutsa anthu, uzisamutsanso chikwangwani."

"Ndamva, ababa."

Anavula jekete n'kulipereka kwa amayi, atayamba atulutsamo makiyi n'kuwakoleka pa msomali wake. Anapinda manja a malaya n'kupita pabenchi kukatambasula waya uja.

"Lero ndi Loweruka," anatero amayi.

"Ndikungomangirira, mayi. Kudula ndi Lolemba."